Nthano ya kamnyamata koweta nkhosa: mmene ndailembera mpaka kufika pa kabuku

3 Febuluwale

Anandipempha kuti ndikonze kankhani kowerengera ana pa mapemphero awo, ana a zaka 6 mpaka 10, mutu wake kudalira Mulungu, ndipo nthawi imene anandipatsa ndi mphindi 10 basi kuphatikiza pemphero ndi mafunso. Ndasankha Davide ali mwana, asanakumane ndi Goliati, nthawi imene ankangokhala kutchire ndi nkhosa za bambo ake. Ndiziyika pano zonse zimene zikuchitika, zolakwika zomwe, mwina wina amene akufuna kulembera ana nkhani ya m'Baibulo zimuthandiza.

Zimene ndayamba nazo ndi kope limodzi la mapeji 48, mabolopeni awiri wakuda ndi wofiira, Baibulo, ndi foni yoti ndiziwerengera nthawi. Lero ndathera maola awiri ndikungosaka mavesi onena za ubwana wa Davide ndipo ndadabwa kuti ndi ochepa kwambiri. Pa 1 Samueli 16:11 timamva kuti anali wotsiriza pa ana a Jese ndipo Samueli atafika iye anali koweta. Pa 17:15 ankapita kwa Sauli nkumabwereranso ku Betelehemu kukadyetsa nkhosa. Pa 17:28 mkulu wake Eliabu akumukalipira za nkhosa zowerengeka zija kuchipululu. Ndiye pali 17:34 mpaka 37 pamene Davide mwini akuuza Sauli za mkango ndi chimbalangondo. Kwatha. Palibe pamene panalembedwa kuti usiku wakutiwakuti anachita mantha, kapena kuti nkhosa zinalipo zingati. Ndiye kuti mbali yaikulu ya nkhaniyi ndiyenera kuiwumba ndekha, ndipo zimenezi zandipatsa mantha pang'ono chifukwa ana amatenga chilichonse chimene mphunzitsi wanena ngati chachokera m'Baibulo.

6 Febuluwale

Ndamaliza kulemba koyamba, mawu 1,140, madzulo atatu. Nkhani yake ndi ya mkango: wabwera, wagwira kamwana ka nkhosa, Davide wathamangira, waponya mwala ndi gulaye, mkango wagwa, mapeto ake akuthokoza Mulungu. Ndaiwerenga ndekha ndipo ikukoma, ikuthamanga bwino.

9 Febuluwale

Ndawerengera ana 7 moyesera, tisanaipereke kwa gulu lonse. Zinthu zitatu zalakwika ndipo chachitatucho ndiye chachikulu.

Choyamba nthawi. Kuwerenga kokha kwatenga mphindi 14, ine ndimaganiza kuti zikhala 8. Ndinaiwala kuti mawu athu ndi aatali, liwu limodzi ngati "sanamuthamangirenso" limadya mpweya wonse, komanso powerengera ana umaima, umawayang'ana, wina amafunsa chimbalangondo nchiyani. Ndawerengera kuti ine ndikamawerengera ana ndimayenda mawu pafupifupi 80 pa mphindi imodzi, ndiye ngati nkhani ikufunika mphindi 7 kuti 3 zitsalire vesi, mafunso ndi pemphero, isapitirire mawu 560. Theka lonse liyenera kuchoka. Inu yesani nokha liwiro lanu mokweza mawu, pamaso pa mwana weniweni, kuwerenga chamumtima kumanamiza.

Chachiwiri, gulaye uja. Mayi wina wachikulire amene timaphunzitsa naye anakhala kumbuyo akumvetsera, titamaliza anandiitanira pambali nkunena kuti "aphunzitsi, tatsegulani pa vesi 35 muone ngati pali mwala." Ndatsegula, palibe. Davide akuti anautsatira, anaukantha, nkulanditsa mwana wa nkhosayo mkamwa mwake, ndipo pamene unamutembenukira anaugwira ndevu zake nkuupha. Gulaye ndi miyala isanu yosalala zikubwera pa vesi 40, pa nkhani ya Goliati. Ine ndinasakaniza ziwirizi osadziwa, mutu unangodzaza wokha pamene panali mpata. Ndinawathokoza amayiwo kwambiri chifukwa ndikanasindikiza zimenezo ana 30 akanapita nazo kwawo.

Chachitatu. Nditamaliza ndinafunsa kuti kodi Davide anaphunzira chiyani? Kamnyamata kena kanati anaphunzira kulasa. Wina anati kulimba mtima. Mtsikana wamkulu pa onsewo anati "osaopa mkango." Palibe ngakhale mmodzi anatchula Mulungu, ndipo anawo sanalakwe ayi, anayankha ndendende zimene ndinalemba. Munkhani yanga Davide anali wolimba mtima kuyambira mzere woyamba, sanaope paliponse, ndiye akanaphunzira kudalira pati? Mulungu ndinangomuika kumapeto mu chiganizo chimodzi chothokoza, ukachichotsa nkhani ikuyendabe bwinobwino. Kuyambira lero ndiziyesa choncho: phimba ndi chala paliponse pamene patchulidwa Mulungu, werenga, ngati nkhani sinasweke ndiye kuti si ya kudalira Mulungu, ndi ya mnyamata wamphamvu.

12 Febuluwale

Sindinalembe kanthu masiku atatu, ndimangoganiza za liwu lenilenilo. Ndinkagwiritsa ntchito "kukhulupirira" paliponse, koma nditafunsa mwana wa achemwali anga wa zaka 8 kuti kukhulupirira Mulungu nkutani, anati nkunena kuti Mulungu alipo. Yankho labwino, koma silimene ndikufuna. Nditamufunsa za kudalira anaganiza kaye nkunena kuti ndi ngati pamene akuwoloka msewu atagwira dzanja la mayi ake osayang'ana magalimoto yekha. Eya, chimenecho. Kukhulupirira kwa mwana kumakhala m'mutu, kudalira kuli ndi miyendo, umayenda nako. Ndasankha kuti munkhani ndizilemba "kudalira", ndipo "kukhulupirira" kukhale mu vesi mokha mmene linalembedwera.

Kenako ndinabwerera ku Salimo 23 ndipo ndinaona chinthu chimene ndakhala ndikuchidutsa zaka zonsezi ndikuliloweza. Mavesi atatu oyamba wolembayo akukamba za Mulungu ngati akuuza munthu wina, Iye amandigonetsa, Iye amanditsogolera. Akangofika pa vesi 4, m'chigwa cha mthunzi wa imfa, akusiya kutiuza ife, akutembenukira kwa Mulungu mwini: "pakuti Inu muli ndi ine." Pa msipu wobiriwira ndi Iye, mumdima ndi Inu. Ndinakhala chete nthawi yaitali nditaona zimenezi, ndipo ndinadziwa kuti msana wa nkhani yanga ndi umenewu. Davide wanga ayambe akudziwa za Mulungu zimene anamva kwa bambo ake, amalize akulankhula naye yekha mumdima.

Ndinapezanso Salimo 56:3 imene imati tsiku lakuopa ndidzakhulupirira Inu. Mutu wa salimolo umanena za nthawi imene Afilisti anamugwira ku Gati, ndiye kuti anali wamkulu kale, sindingaliike mkamwa mwa kamnyamata ngati kuti kanalinena kutchire. Koma landimasula pa chinthu chimodzi, kuti Davide ankaopa ndithu ndipo sanabise. Ndili ndi ufulu womulola kunjenjemera.

Vuto lotsala linali lakuti kudalira sikuoneka ndi maso, mwana wa zaka 6 ungamuonetse bwanji? Yankho lili mu nkhosa zomwezo. Pa Yohane 10:3 mpaka 5 mbusa amaitana nkhosa zake mayina, amayenda patsogolo, izo zimamutsata chifukwa zimadziwa mawu ake, mlendo zimamuthawa. Ndiye pakhale kamwana ka nkhosa kamene sikanadziwe mawu a Davide, kaphunzire pang'onopang'ono ana akuona, kenako usiku wina Davide azindikire kuti iyenso ndi kamwana ka nkhosa ka Wina.

19 Febuluwale

Kulemba kwachiwiri kwatha, madzulo anayi, mapeji 11 a kope ndang'amba ndi kutaya. Mawu tsopano ndi 610, atsala 50 oti achoke.

Kankhosa ndakapatsa dzina loti Mawanga. Nkhani ili ndi zigawo zitatu zokha. Choyamba, Davide akuitana, nkhosa zonse zikubwera, Mawanga akuthawira kwina chifukwa sakumudziwa. Davide sakumumenya, akumunyamula, tsiku lililonse akumuitana ndi kaitanidwe komweko pa nthawi ya madzi. Chachiwiri, msipu watha ndipo ayenera kudutsa chigwa chopanikiza cha miyala kuti akafike kumene kuli madzi. Izi ndazitenga ku dziko lenilenilo, kummawa kwa Betelehemu nthaka imatsetsereka kulowera ku chipululu cha Yudeya mpaka ku Nyanja Yakufa, ndipo kuli zigwa zakuya zouma zimene mkati mwake mumada msanga dzuwa likapendeka. Chachitatu ndi usiku wa mkango.

Kachigawo ka m'chigwa kali chonchi:

"Mkati mwa chigwa munali mdima. Mawanga anaima. Kutsogolo sankaona, kumbuyo sankaona. Miyendo yake inayi inkangonjenjemera. Kenako anamva, 'Mawanga, Mawanga, bwera kuno.' Davide sankaoneka, mawu okha. Mawanga anaponya phazi limodzi. Mawu anabweranso. Anaponya lina."

Taonani kufupika kwa ziganizozo, ndinachita dala. Pakulemba koyamba ndinali ndi ziganizo za mizere itatu zodzaza ndi "pamene" ndi "ngakhale kuti", ana aang'ono ankafika kumapeto ataiwala poyambira. Tsopano ndikuyesetsa kuti chiganizo chisapitirire mawu 10, ndipo kaitanidwe kaja, Mawanga Mawanga bwera kuno, kakubwera katatu munkhani monse mosasintha ngakhale chilembo chimodzi kuti kachitatu ana akanene okha.

Pa mkango ndatsata vesi 35 mmene ilili koma ndafupikitsa, mizere inayi basi, chifukwa ndaona kuti ukaupatsa malo mkango umadya nkhani yonse, ana amangokumbuka mano ndi magazi. Malo ambiri ndawapereka ku kanthawi kamene Davide wangomva kubangula ndipo sanadzuke:

"Davide anafuna kuitana bambo ake, koma Betelehemu anali kutali. Anafuna kuitana Eliabu, koma Eliabu kunalibe. Manja ake anazizira. Ndipo anakumbuka Mawanga m'chigwa muja, osaona kanthu, akungotsata mawu. Davide ananong'ona, 'Inu muli ndi ine.' Mantha sanathe. Koma anadzuka."

Mzere woti mantha sanathe ndinaufufuta kawiri nkuubwezeranso kawiri. Mtima wina unkandiuza kuti pa mapemphero ana ayenera kumva kuti ukapemphera mantha amachoka. Koma ine ndapempherapo kambirimbiri mantha osachoka, ndipo mwana amene adzapemphere usiku nkupeza kuti akuopabe adzaganiza kuti pemphero lake ndi lolakwika kapena Mulungu sanamve. Ndausiya.

23 Febuluwale

Kuyesa kwachiwiri, ana 9, asanu mwa iwo ndi omwe aja. Mphindi 7 ndi theka. Kaitanidwe kachitatu anakanena okha ndisanawauze nkomwe, mpaka kamwana ka zaka 5 kamene kanangotsatira mkulu wake. Nditafunsa chimene Davide anaphunzira, mtsikana uja amene anati osaopa mkango ulendo wathawu, lero anati "anachita ngati Mawanga." Ndinamufunsa kuti bwanji, anati anatsata osaona. Ndinavutika kubisa misozi.

Koma panatuluka china chimene sindinachikonzekere. Kamnyamata kena kamene bambo ake anamwalira chaka chatha kanakweza dzanja nkufunsa, "aphunzitsi, nanga mkango ukanamudya Mawanga?" Ndinayankha mofulumira kuti koma sunamudye, Mulungu anamuthandiza Davide. Mwanayo anangoti "oo" nkuyang'ana pansi. Yankho limenelo landisowetsa tulo, chifukwa chimene ankafunsa si za nkhosa, ndipo chimene ndinamuuza, kwa iye, ndi chakuti odalira Mulungu zawo zimatha bwino, ndiye kwawo kunalakwika chiyani? Nkhani yanga mmene inalili imaphunzitsa kuti kudalira ndi njira yopezera mapeto abwino. Sindinalembe mawu amenewo paliponse koma kamangidwe ka nkhaniyo kankanena zimenezo.

26 Febuluwale

Ndinapita kwa amayi aja kukawafotokozera. Maganizo anga oyamba anali oti ndisinthe mapeto, mkango utenge nkhosa imodzi. Iwo anakana ndipo anali ndi chifukwa, lemba likuti Davide analanditsa, sitingalipotoze kuti ligwirizane ndi phunziro lathu, kungakhale kulakwa komwe kuja kwa gulaye. Anati "mwana wanga, imfa ikani koyambirira, musaiike kumapeto." Anandionetsanso pa Amosi 3:12 pamene mbusa akulanditsa mkamwa mwa mkango miyendo iwiri yokha kapena kachidutswa ka khutu, ndi pa Eksodo 22:13 pamene lamulo likuti choweta chikajiwa ndi chilombo wosungayo abwere ndi zotsalazo ngati umboni. Ndiye kuti abusa a nthawi imeneyo ankataya nkhosa ndithu, Baibulo silibisa, ndipo kamnyamata koweta kakanadziwa zimenezi.

Ndiye ndawonjezera mizere itatu koyambirira. Mayi ake a Mawanga anafa Mawanga ali wamng'ono, Davide anawasamalira usiku wonse koma anafabe, ndipo Davide analira. Chimenechi chakonza zinthu ziwiri nthawi imodzi. Tsopano pali chifukwa chimene Mawanga sankadziwira mawu a mbusa, analibe mayi woti amutsate, kale zinkangooneka ngati ndi kankhosa kamwano. Komanso Davide pamene akunong'ona mumdima akudziwa kale kuti nthawi zina nkhosa zimafa ngakhale uyesetse, ndiye sakudzuka chifukwa walonjezedwa kuti zitha bwino, akudzuka chifukwa sali yekha. Ndipo Salimo 23:4 yomwe sikuti chigwa kulibe, ikuti ndingakhale ndiyenda mmenemo.

Kuti mizere itatuyi ilowe ndachotsa chimbalangondo chonse, chinkangofuna kufotokozera kwambiri, ndi kachigawo kena kamene Davide ankaimba zeze kamene ndinkakakonda koma sikankagwira ntchito iliyonse. Mawu atsika kufika pa 565.

Mafunso akumapeto ndawasinthanso. Ndinali ndi asanu, ambiri ofuna yankho loloweza ngati bambo a Davide anali ndani. Atsala awiri: Mawanga anadziwa bwanji mawu a Davide, ndi lakuti iweyo umaopa chiyani usiku. Loyambalo yankho lake ndi lakuti ankawamva tsiku lililonse pa nthawi ya madzi, kunja kukuwala, zisanafike zoopsa, ndipo apa ndi pamene wowerenga angalumikize ndi kupemphera masiku wamba. Lachiwirilo pansi pake ndalemba kwa wowerengayo kuti mwana akayankha musamukonze, musamuuze kuti zimenezo sizoopsa, ingomverani.

28 Febuluwale

Ntchito ya mabolopeni awiri. Ndadutsa nkhani yonse mzere ndi mzere, chimene chili m'Baibulo ndadula mzere wakuda pansi pake nkulemba vesi m'mbali, chimene ndapeka ndekha wofiira. Zakuda ndi zochepa: dzina la Davide, Jese, Eliabu, Betelehemu, kuti ankaweta, mkango ndi kulanditsa. Zofiira ndi Mawanga, mayi ake, chigwa, kunong'ona kuja. Pafupifupi magawo atatu mwa anayi ndi ofiira.

Panali malo amodzi pamene ndinalemba kuti Davide anali ndi azikulu ake asanu ndi awiri. Pa 1 Samueli 17:12 akuti Jese anali ndi ana aamuna asanu ndi atatu, koma pa 1 Mbiri 2:15 Davide akutchulidwa wachisanu ndi chiwiri. Sindikufuna kutsegula nkhani imeneyo pa mphindi 10 za ana, ndangolemba kuti anali wamng'ono pa onse, zimene mbali zonse zikugwirizana.

Ndaika chiganizo chimodzi choti wowerenga anene asanayambe: "Baibulo limatiuza kuti Davide ankaweta nkhosa ndipo analanditsa imodzi kwa mkango, zinazo tangoganizira mmene zikanakhalira." Ndinkaopa kuti chiziziritsa nkhani koma nditayesa pa mwana wa achemwali anga sanasamale nkomwe, anangofuna nkhani iyambe. Chofunika ndi chakuti akadzakula nkukasaka Mawanga mu 1 Samueli osamupeza, asadzaone ngati tinamunamiza.

Za vesi loloweza, ena mwa makolo ali ndi Buku Lopatulika limene limati Yehova, ena ali ndi Buku Loyera limene limati Chauta. Mawu amene ndasankha kuti ana aloweze ndi aja oti Inu muli ndi ine, mulibe dzina lililonse mwa awiriwa, ndipo pansi ndalemba Salimo 23:4 kuti aliyense akawerenge lonse mu Baibulo la kunyumba kwawo.

1 Malichi

Zithunzi. Wajambula ndi mnyamata wina wa mu gulu la achinyamata, zinayi, ndi pensulo kenako kudutsamo ndi bolopeni yakuda kuti zioneke pa fotokope. Ziwiri zinabwerera. Pachoyamba anajambula Davide ali kumbuyo kwa nkhosa ndi chikwapu, pamene nkhani yonse yagona pa mbusa woyenda patsogolo. Pachina anamupatsa legeni ya mphira m'thumba, ndinamufotokozera kuti nthawi imeneyo mphira kunalibe, gulaye anali chingwe chokhala ndi kachikopa pakati, komanso munkhani ino mulibemo. Tinagwirizana kuti agwire ndodo yokha.

Chithunzi cha m'chigwa anachipaka chakuda peji yonse, chinali chokongola zedi koma titayesa kukopa chinatuluka chamathothomathotho ndipo pepala linapindika ndi inki. Anachijambulanso ndi timizere topingasa mmalo mopaka, mdima ukuonekabe ndipo inki ikupita yochepa. Davide pachithunzichi sakuoneka, Mawanga yekha ndi makutu ali tcheru, linali ganizo la mnyamatayo ndipo ndi labwino kuposa limene ndinamuuza ine.

6 Malichi

Kusindikiza. Kabuku ka mapepala a A4 opinda pakati, pepala limodzi limapereka mapeji anayi, ndiye chiwerengero cha mapeji chiyenera kugawika ndi 4. Anga anali 13. Ndinasankha kutsika pa 12 pophatikiza mafunso ndi pemphero pa peji imodzi, mapepala atatu pa kabuku, timabuku 30 ndi mapepala 90.

Ndawononga mapepala 18 pa zolakwika ziwiri. Poyamba ndinangoika mapeji motsatana awiriawiri, 1 ndi 2, 3 ndi 4, ndipo nditapinda nkhani inasokonekera, mkango unabwera chigwa chisanafike. Dongosolo loyenera pa mapeji 12 ndi ili, kuwerenga kumanzere kenako kumanja: pepala loyamba kutsogolo 12 ndi 1, kuseri 2 ndi 11, lachiwiri 10 ndi 3, kuseri 4 ndi 9, lachitatu 8 ndi 5, kuseri 6 ndi 7. Njira yodziwira kuti mwalondola ndi yakuti manambala awiri a mbali iliyonse akaphatikizidwa apange 13. Chophweka kwambiri ndi kutenga mapepala atatu otha ntchito, kupinda, kulemba manambala ndi dzanja, kenako kuwamasula nkuona, ndikanayamba ndi zimenezi.

Cholakwika chachiwiri, kuseri kunatuluka chadodolido. Posindikiza mbali zonse ziwiri pa pepala logona pamafunika kusankha Flip on short edge, ine ndinasiya pa Flip on long edge. Sindikizani kamodzi kaye, pindani, werengani mpaka kumapeto, kenako muziti 30.

Sitepula yanga ndi yaifupi sikufika pakati pa pepala, ndiye ndinaitambasula, kuika kabuku chafufumimba pa katoni, kukhoma mawaya awiri pamsana nkupinda nsonga zake mkati ndi supuni. Nsongazo pindani bwino ndithu, timanja ta ana timabayika. Zilembo ndaika saizi 16, ndinayesa 12 koma amayi aja, amene ndi amodzi mwa owerenga, anati sakuona bwino.

Zonse pamodzi ntchitoyi yadya kope limodzi, mapepala 108, mawaya 60 ndi maola oposa 30 pa kankhani ka mphindi 7.

9 Malichi

Tawerenga kwa gulu lonse, ana 27. Anawerenga ndi amayi aja, ine ndinakhala kumbali ndi foni kuona nthawi, mphindi 9 ndi masekondi 40 zonse ndi pemphero lomwe. Chinthu chimodzi chofunika kukonza: pa peji 7 mawu oti "Mantha sanathe" ali pansi penipeni ndipo "Koma anadzuka" anadumphira ku peji 8, amayiwo anavutika kutembenuza pepala ndipo mpata unatalika mpaka ana ena anayamba kulankhula. Timabuku totsatira ndikweza chithunzi pang'ono kuti ziganizo ziwirizi zikhale peji imodzi.

Pa funso lachiwiri ana anatchula agalu, mphezi, mdima, wina anati kukangana kwa akuluakulu ndipo amayiwo anangogwedeza mutu monga tinagwirizana, koma dzina la mwanayo ndalisunga kuti tikacheze naye mwapadera. Kamnyamata kaja kanakhala kutsogolo. Pamene anawerenga za mayi ake a Mawanga kanayang'anitsitsa osaphethira, pa mafunso sikanayankhe kalikonse. Potuluka kanabwera kwa ine ndi kabuku kake nkufunsa ngati kangatenge kena kokapatsa mayi ake, ndinali ndi titatu totsala, ndinakapatsa kamodzi.